Tsiku Limene a Bawuti Anaphwa

M'mawa uliwonse, asanakhudze tayala la munthu, achimwene anga amatsegula chigubu chakuda, kutapa kasupuni kamodzi ka ufa woyera, kukasalaza ndi chala, n'kuthira m'kapu ya madzi. Amatakasa ndi chogwirira cha supuni, amamwa ataimirira, kenako amathiranso timadzi kuti atsukuluze timchenga totsalira pansi. Akatha amadzimenya pachifuwa n'kunena kuti, "Tapopa." Ndiye kuti ntchito yayamba.

Ufawo ndi kiriyetini. Amamwa anthu onyamula zitsulo kuti minofu isamafooke msanga akamakankha zolemera. Sutsekemera, suwawa, ulibe fungo. Ndinalawapo kamodzi, ndinangomva ngati ndanyambita khoma.

Achimwene amakonza matayala. Shedi yawo ili m'mbali mwa msewu waukulu: denga la malata, makina opopera omwe amatsokomola asanalire, ndi mgolo wodulidwa pakati wodzaza madzi akuda, momwe amaviikamo machubu kuti aone potuluka thovu. Ine ndimakhala pa katebulo kuseri kwa mulu wa matayala akale, kuyankha foni ndi kusunga makiyi a makasitomala. Malowo ndimawakonda. Ndimaona onse, ondiona ndi ochepa.

Anthu amawatchula a Bawuti. Dzinali anawapatsa ali mwana, chifukwa anali woonda ngati ndodo, mutu wokha waukulu pamwamba. Pano thupi linadzaza, khosi linakumana ndi mapewa, malaya onse amalira m'khwapa, koma dzina silinaphwe. Madzulo akatseka ntchito amapita kuseri kwa shedi, komwe anamangirira zitsulo za mabuleki ku ekiselo yakale ya lole, n'kumanyamula uku akubuula moti agalu a oyandikana nafe amayankha.

Kwa achimwene, chilichonse padziko pano ndi tayala. Munthu wotopa amati waphwa. Wokwiya amati wapopedwa mopitirira. Amalume athu, omwe amayenda motsimphina, amati anadyeka mbali imodzi. Ndiye atayamba kumwa ufa uja, sanavutike kuumvetsa. Anati minofu ndi chubu, ufa ndi mpweya, kasupuni ndi pampu. Miyezi yambiri inatha asanadumphitse tsiku. Ngakhale pa ukwati wa msuweni wathu anapita ndi kapepala ka ufa m'thumba la jekete, n'kukamwera kuseri kwa holo ngati munthu wobisa kachasu.

Chinthu chimodzi chokha chomwe sichinali tayala ndi Asisi a mankhwala.

Sitolo yawo ili tsidya la msewu, moyang'anizana ndi shedi. Ndi mayi wamfupi, wa magalasi, woseka ndi mapewa. Achimwene, omwe amatha kukalipira dalaivala wa basi mpaka kuzimitsa injini, akafika pa kauntala ya Asisi mawu onse amathawa. Amapereka moni, n'kuyang'ana pa shelefu, n'kunena kuti, "Pulasitala." Basi. M'dirowa ya tebulo langa munadzaza mapulasitala okwanira kumata lole yonse.

Sabata ina Asisi anaoloka msewu kudzapopetsa njinga yawo. Ali chiimire, anadandaula kwa a Jeke, mnzawo wa achimwene wa pantchito, kuti Loweruka akusamukira m'nyumba yosanjikizana, chipinda cham'mwamba kwenikweni, koma onyamula katundu akana firiji. Akuti masitepe ndi opanikiza, anthu awiri sangakhote nayo.

Achimwene anali chogwada pa njinga. Osadzutsa mutu anati, "Ndidzanyamula ndekha."

Tonse tinatembenuka kuwayang'ana. Ngakhale makina opopera anasiya kutsokomola. Asisi anati, "Zoona, a Bawuti? Ndiye ndidzadikira inuyo." Atapita, achimwene anapopa tayala la njinga ya kasitomala wina mpaka linaphulika, iwo akumwetulirabe.

Lachisanu m'mawa, atangotulutsa chigubu chija, lole yonyamula matabwa inakhota mwaphuma, tayala lakumbuyo likukwawa. Dalaivala anatsika akukuwa kuti wachedwa, katundu akudikiridwa kutali. Achimwene, chigubu chili m'manja, anachiika pansi pa mpando wa lole pomwe ankatenga sipanala ya dalaivalayo. Anagwira ntchito mwachangu. Lole inanyamuka, inaliza hutala, inapita.

Anasamba m'manja, anatunga madzi m'kapu, anatembenuka kuti atape ufa. Anatembenukanso. Anayang'ana pansi pa benchi, m'mgolo wa madzi, ngakhale m'thumba la ovolosi, ngati chigubu chingakwanemo.

"Mlongo," anatero motsitsa mawu. "Imbira wa lole uja."

Ndinaimba. Dalaivala anaseka, nati chigubu chilimo, chikugubuduzika kumapazi kwake, koma iye abwera sabata yamawa. Ndinaimbanso ku sitolo komwe achimwene amagula. Anati unatha, akudikira wina.

Achimwene anakhala pansi pa tayala la thirakitala. Kapu ya madzi osathira kanthu inali m'manja.

"Ndatha ine," anatero.

A Jeke, munthu wamtali wopanda mnofu, yemwe moyo wake wonse sananyamulepo chinthu chomwe jeke ingathe kunyamula, anaona kuti tsiku lawo lafika. Anabwera, anatsina mkono wa achimwene ndi zala ziwiri, anapukusa mutu.

"Ayi ndithu, bwana. Wayamba kufewa."

"Usaseke, iwe. Ndikumva mpweya ukutuluka."

"Ndikuumvanso ine. Tsss. Chete nonse! Ukutulukira kumanzere."

Achimwene anatenga chingwe chomwe amayezera mkono, chokhala ndi mfundo pomwe anafika mwezi watha. Anazunguliza. Chingwe chinafika pa mfundo ndendende. Anati chingwecho chafupika ndi dzuwa. Anatenga sipanala, anagogoda pa ntchafu monga amachitira ndi matayala a lole, n'kumvetsera.

"Wamva? Dzulo inkalira kuti ndu. Lero ikuti pwa."

"Viikani mkono m'mgolomo, bwana," anatero a Jeke. "Tione potuluka thovu, timate. Mapulasitala alipo ambiri."

Ndinabisa nkhope kuseri kwa foni. Kasitomala wina, bambo wachikulire wa galimoto yonyamula nkhuku, anafunsa ngati pachitika maliro. A Jeke anamuuza kuti ayi, sanachitike, koma asapite kutali.

Dzuwa litakwera, achimwene anayamba kuyenda mokoka miyendo. Tayala la galimoto yaing'ono, lomwe masiku onse amanyamula ndi dzanja limodzi uku akuyankha moni, analigubuduza pansi ngati nkhalamba. Chakudya chomwe ndinawatengera anachikankhira kumbali. Anati kudya popanda ufa kuli ngati kupukuta tayala lobooka. A Jeke anadya mbale zonse ziwiri pofuna kuwathandiza.

Kenako a Jeke anabweretsa nzeru. Anati iwo anamva kwa mlamu wawo, yemwe ali ndi mnzake wolondera pa jimu yonyamulira zitsulo, kuti munthu ukadumphitsa tsiku limodzi zonse zimabwerera pa ziro, umayambiranso. Ndipo ukaupeza ufawo uyenera kumwa masupuni asanu nthawi imodzi kuti ubweze.

"Lero tsiku limodzi," anawerenga a Jeke ndi zala zamafuta. "Mawa awiri. Pofika pa masitepe a Asisi mudzakhala mutabwerera ku bawuti weniweni. Firiji ndiyo idzakunyamulani."

Apa achimwene anayang'ana tsidya la msewu, komwe Asisi ankapukuta galasi la sitolo, ndipo nkhope yawo inandimvetsa chisoni pang'ono. Anandikodola.

"Pita ukawauze kuti mawa sindipezeka. Unene kuti ndapita kukatenga matayala kutali."

"Achimwene, akukuonani apa."

"Unene kuti ndinyamuka madzulo."

"Mwadikira nthawi yaitali bwanji kuti akudalireni pa kanthu?"

Sindinkadziwa kuti ndinena zimenezo. Achimwene anandiyang'ana ngati tebulo layankhula.

"Ukufuna ndikagwe pa masitepe, firiji pamsana, iwo akuona? Bola azinditenga wabodza kusiyana ndi wophwa."

Ndinati bwanji tifunse kaye. Asisi amagulitsa mankhwala, zinthu zotere anaphunzira. Achimwene anadumpha. Anati zosatheka, Asisi sadziwa kuti iwo amamwa ufa, amaganiza kuti thupilo ndi lachibadwa. A Jeke anatsamwa ndi madzi. Pomaliza tinagwirizana kuti ndipite ndikafunse, koma ndinene kuti ndi za mnzawo wa achimwene. Yankho likakhala loipa, ndinene za matayala akutali aja.

Kuoloka msewu sikunandivute. Chinandivuta ndi kauntala. Munali mayi wina wogula mankhwala a chifuwa, ndinamusiya atuluke. Kenako ndinasiyanso wina yemwe anabwera pambuyo panga. Asisi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Achemwali, lero pulasitala atuma inu?"

"Ayi. Ndi funso. La mnzawo wa achimwene."

"Mnzawo."

"Eya. Amamwa kiriyetini tsiku lililonse. Ndiye lero sanamwe, ndipo mawanso samwa. Akufuna kudziwa ngati... ngati aphwe."

Mapewa a Asisi anayamba kugwedezeka. Anawagwira ndi kupuma kwakukulu.

"Wamwa nthawi yaitali bwanji mnzawoyo?"

"Miyezi yambiri. Osadumphitsa."

"Ndiye wadzaza kale. Tamverani, kuti mukamuuze bwino. Ufa uja sugwira ntchito ngati khofi, woti wamwa pano, maso ayera pompano. Umakasungidwa m'minofu. Munthu akamwa masabata angapo, minofu imadzaza, ndipo kasupuni ka tsiku ndi tsiku kamangobwezera kochepa komwe kachoka. Mphamvu yomwe angagwiritse ntchito mawa si ya kasupuni ka lero. Ndi ya miyezi yonse ija."

"Nanga kochokako ndi kochuluka bwanji?"

"Pa zana lililonse la zomwe zili m'minofu, patsiku pamachoka chimodzi, mwina ziwiri. Zimatuluka ndi mkodzo. Ndipo thupi silingokhala manja lende, limapanga kiriyetini yakeyake m'chiwindi ndi mu impso, ina imabwera ndi nyama ndi nsomba. Tsiku limodzi, awiri, atatu, palibe chomwe angamve. Atasiyiratu, pangatenge masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti abwerere pomwe anali asanayambe. Pomwe anali, osati pansi pake."

"Minofu nayo imatha?"

"Minofu anaimanga ndi zitsulo zija timamva madzulo. Siisungunuka bola azinyamulabe. Chomwe chingachepe pakapita masabata ndi timadzi tomwe ufawo umasunga m'minofu, ndiponso mwina kukankha kumodzi kapena kuwiri komaliza kuja, kobuula kwambiri. Agalu apumulako."

Ndinanena za masupuni asanu a a Jeke. Apa Asisi analephera kudzigwira. Anavula magalasi, anapukuta misozi.

"Asayerekeze! Akaupeza, amwe kasupuni kamodzi monga mwa masiku onse. Chodzaza kale sungachidzazenso, chowonjezeracho chimangotuluka. Ndipo masupuni asanu nthawi imodzi amatsegula m'mimba. Chimbudzi cha kunyumba yatsopano madzi sanalumikize."

Ndinati mnzawoyo akuti akumva kufooka kwenikweni.

"Wadya chiyani chiyambire m'mawa?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ndinaona a Jeke akudya mbale ziwiri," anatero Asisi. Analoza galasi lomwe ankapukuta lija. Ndinatembenuka. Kuchokera pa kauntala, shedi yonse imaoneka ngati kanema: benchi, mgolo, malo omwe chigubu chimakhala, ndi achimwene atabisala theka kuseri kwa tayala la thirakitala, mutu uli poyera.

"M'mawa uliwonse ndikamva chifuwa chikulira, ndimadziwa kuti nthawi yotsegula sitolo yakwana," anatero. "Lero ndinatsegula mochedwa. Mukamuuze mnzawoyo kuti firiji ndazimitsa kale, madzi oundana akusungunuka. Ikapanda kusamuka mawa, ndidziwa kuti anthu a matayala ndi mpweya wokhawokha."

Ndinabwerera ndikuthamanga, ngakhale msewu unali wopanda galimoto. Ndinawafotokozera zonse, kupatula za galasi. Achimwene anamvetsera atatsinzina, monga amachitira akamamvetsera valavu ya tayala.

"Chimodzi pa zana," anabwereza. "Patsiku."

"Kapena ziwiri."

"Ndiye si kuphulika kumeneko."

"Ayi."

"Si msomalinso. Msomali umagwetsa tayala usiku umodzi." Anatsegula maso. "Jeke, tayala labwinobwino, lopanda bowo, ukaliimika mwezi wathunthu osapopa limatani?"

"Limatsikako pang'ono."

"Ukalisiya tsiku limodzi, geji yoyezera mpweya imaona?"

"Siona."

"Ndiye iwe waona bwanji ndi zala zako ziwirizo?"

A Jeke anati zala zawo ndi zodziwa kuposa geji. Achimwene anawathamangitsa kuzungulira mgolo, a Jeke akukuwa kuti munthu wophwa sathamanga choncho, akufuna umboni wa dokotala. Ali mkati mothamanga achimwene anaima, anagwira mutu, anati chizungulire. Nkhope inagwanso.

"Waona? Ukutuluka ndithu."

"Asisi akuti mnzanuyo adye."

"Wawauza kuti sanadye?"

"Anangodziwa."

Ananditumiza kukagula buledi ndi mazira owiritsa. Anadya buledi wathunthu ataimirira, a Jeke akuyang'ana kumbali mwaulemu. Atatha anapita kuseri kwa shedi dzuwa likanali pamutu. Tinamva zitsulo zikulira, kenako kubuula, kenako agalu. Anabwera thukuta lili kamukamu, anati ekiselo ikulemera chimodzimodzi ndi dzulo, mwina a Jeke achotsako chitsulo kuti awanamize. Anakawerenga zitsulozo. Zinalipo zonse.

Madzulo amenewo anachapa malaya awiri, kuti m'mawa adzasankhe.

Loweruka anadzuka kusanatenthe, anamwa madzi okhaokha, ndipo tinanyamuka, iwo atanyamula malamba omangira katundu, ine ndikutsatira kuti ndikanyamule mapoto. Nyumbayo inali yosanjikizana katatu, masitepe ake opapatiza, okhota ngati chigongono. Firiji inali itaima pansi, yoyera, yofika achimwene m'chibwano. Asisi anali pambali pake atavala mpango, manja m'chiuno.

"Mwadzuka bwanji, a Bawuti? Mnzanu uja ali bwanji?"

"Ali... akuchira."

Anaizunguliza malamba, anagwada chofulatira, anakoka, n'kuimirira. Firiji inanyamuka ngati mwana woberekedwa. Ndinaona nkhope yawo: choyamba kudabwa, kenako chimwemwe, kenako china chomwe sindinachimvetse msanga. Anakwera masitepe oyamba osapuma n'komwe, Asisi ali pambuyo akuti, "Pang'onopang'ono, khoma ilo!" Atafika pokhota poyamba anayang'ana m'mwamba. Panatsala pang'ono. Pa liwiro limenelo, ntchito yonse ikanatha madzi a tiyi asanawire, n'kutsala kungonena kuti zikomo, pitani bwino.

Achimwene anatsitsa firiji pokhotapo, mosamala, mopingasa. Anakhala pa sitepe. Anapumira m'mwamba, mokweza, ngakhale pamphumi panalibe dontho la thukuta.

"Ndaphwa pang'ono," anatero.

Asisi anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Masabata anayi akwana kale?"

"Ena timaphwa msanga. Zimatengera mtundu wa tayala."

"Ndiye mupuma nthawi yaitali bwanji?"

"Sizidziwika. Pali pokhota pena pamwambapa."

Asisi anandituma kuti ndikatenge fulasiki m'katoni yolembedwa kuti makapu. Pobwera ndinapeza atakhala sitepe imodzi ndi achimwene, mapewa akugwedezeka, achimwene akufotokoza ndi manja onse momwe anagwera m'mgolo ali mwana. Mawu ankangotuluka, ambirimbiri, osaima. Pamwamba pa firiji panatulukira mutu wa bambo wina wa m'nyumbamo, chikwama m'manja, akufunsa ngati angadutse, akuchedwa ku ntchito.

"Pepani, bambo," anatero achimwene osatembenuka, akulandira kapu ya tiyi. "Wonyamula wafooka. Dikirani apezeko mphamvu."